Lipoti la nkhani: uthenga wa pa sabata kwa mayi amene anajomba masewera kwa masiku 13

Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi mu Lilongwe, ndipo ambiri mwa anthu amene ndimawathandiza sitikumana ku jimu. Ndimawalembera ndondomeko, iwo amachitira kunyumba kwawo, kenako Lamulungu lililonse timalemberana pa WhatsApp kuti tione mmene sabata yayendera. Lipoti ili ndi la uthenga umodzi wotero, umene ndinalembera mayi wina atajomba pafupifupi masabata awiri n'kuyamba kunena zosiya. Dzina lawo ndi la kumene amagwira ntchito sinditchula.

Mayiwa ndi ndani, ndipo tinagwirizana zotani

Ali ndi zaka 41, amakhala ku Area 25, amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina m'tauni. Ali pabanja, ana atatu, womaliza ali ku pulayimale. Amachoka pakhomo cha m'ma 6:30 m'mawa n'kukwera minibasi, ndipo pobwerera amafika dzuwa litalowa kale. Anabwera kwa ine mu Januwale chifukwa achipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse komanso kuwalangiza kuti azichita masewera. Tsiku loyamba analemera makilogalamu 84 pa sikelo yanga.

Tinagwirizana zochita katatu pa sabata. Lolemba ndi Lachitatu madzulo, mphindi 35 za masewera a mphamvu pabalaza: kukhala ndi kudzuka pa mpando atanyamula chigubu cha malita 5, mapushapu ogwira m'mphepete mwa tebulo, kukoka chigubu atawerama, ndi kukweza chiuno atagona chagada. Chilichonse maseti atatu, seti iliyonse ka 12. Loweruka m'mawa, kuyenda ndawala mphindi 40. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, mu malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera opumitsa mofulumirirako, ndi masewera a mphamvu masiku awiri kapena kuposa. Ife pa mbali yoyendayo tinali kutali ndi 150, koma kwa munthu amene anali asanachitepo kanthu kwa zaka zambiri, poyambira pake panali pomwepo.

Masabata 6 oyamba anachita maulendo 16 mwa 18, ndipo sikelo inatsika kufika pa 82. Sabata ya 7 anachita Lolemba, Lachiwiri lake kunagwa zovuta: alamu awo anamwalira, ndipo anapita ku Ntcheu komwe anakhala masiku anayi. Lamulungu la sabata imeneyo sindinafunse za masewera, ndinangopepesa maliro. Anawerenga, sanayankhe. Sabata ya 8 inali ya kumapeto kwa Febuluwale, nthawi yotseka mabuku ku ofesi, ndipo sanachite kalikonse. Lamulungu lake, cha m'ma 8 koloko usiku, anandilembera chonchi:

"Akochi, pepani ndakukhumudwitsani. Masabata awiri sindinapange chilichonse. Dzulo ndinakwera sikelo ya anyamata aja a m'tauni, ndili pa 83.5, ndiye kuti zonse zija zapita pachabe. Mwina ine zimenezi si zanga. Ndalama ya mwezi uno ndatumiza kale koma musavutike nane."

Zimene ndinaona mu uthenga wawo

Mu mizere yochepa imeneyi muli zinthu zosiyana zimene sizifuna yankho lofanana. Kujomba n'koona, ndipo sikufunika kukubisa. Zoti zonse zapita pachabe si zoona, ndipo ndi chinthu chimene chingatsutsidwe ndi manambala. Koma chimene chinandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "ine zimenezi si zanga". Apa munthu wasiya kukamba za sabata imene yavuta, wayamba kukamba za mtundu wa munthu amene iye ali. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Alan Marlatt, amene ankagwira ntchito ndi anthu ofuna kusiya mowa ndi zizolowezi zina, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti kuterereka kamodzi sikumene kumagwetsa munthu. Chimene chimamugwetsa ndi mmene wakutanthauzirira. Akati "ndaterereka chifukwa kunali maliro", amadzuka. Akati "ndaterereka chifukwa ndine wolephera", amaona kuti palibenso chifukwa choyesera, ndiye kujomba kwa masiku ochepa kumasanduka kusiyiratu. Pa masewera ndimaziona zomwezi kawirikawiri.

Za ndalamazo nazo zinali ndi tanthauzo. Munthu akati ndalipira kale koma musavutike nane, akutsanzika mwaulemu, ndipo akufuna achoke wopanda ngongole. Komabe analemba. Amene watsimikiza zosiya nthawi zambiri amangokhala chete mpaka mwezi utha. Ndinawerenga uthengawo ngati wa munthu amene waima pakhomo koma sanatuluke.

Funso la thupi limayamba

Usiku womwewo sindinatumize ndondomeko kapena malangizo. Ndinalemba mizere yochepa:

"Mayi, ndaulandira uthenga wanu, zikomo kuti mwalemba. Ndikuyankhani bwinobwino mawa m'mawa. Pakadali pano mundiuze za thupi lokha: kodi mwadwalapo masiku amenewa, kaya kutentha thupi, mutu, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa? Nanga mankhwala aja mukumwa tsiku lililonse?"

Funso limeneli sindilidumpha, makamaka m'nyengo ya dzinja kwa munthu amene wagona kumudzi pa siwa popanda neti. Munthu amene akuti "ndachita ulesi" nthawi zina amakhala akuyamba malungo, ndipo mawu olimbikitsa kuti adzuke akathamange akhoza kumuvulaza. Mayiwa anayankha kuti sanadwale, kupatula msana umene unkawawa chifukwa chogona pamphasa ndi kuwerama pa mapoto a nsima masiku onse aja. Kenako anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti mankhwala anawaiwala ku Lilongwe ndipo anakhala masiku atatu osamwa, koma anayambiranso atabwerera.

Pa nkhani yonseyi, chinthu chofunika kwambiri pa thanzi lawo chinali chimenechi, osati maulendo asanu a masewera amene anajomba. Chikanabisika ndikanangoyankha za kukhumudwa kwawo. Mankhwala si gawo langa, ndi la achipatala, koma gawo langa ndi kuonetsetsa kuti sindikunyamulitsa zolemera munthu amene magazi ake akuthamanga kwambiri. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti muyezo ukafika 180/110 munthu atapuma, kapena pakakhala kupweteka pachifuwa, kubanika kosadziwika bwino, kapena mutu waukulu ndi kusaona bwino, masewera amaima mpaka achipatala amuone. Ndiye mu uthenga wa m'mawa ndinayikamo pempho loti akayezetse asanayambe.

Uthenga wake

Ndinautumiza Lolemba nthawi ya 6:40 m'mawa, nthawi imene ndimadziwa kuti ali m'minibasi ndipo foni ili m'manja. Ndinaulemba, sindinajambule mawu. Uthenga wa mawu umamveka wachikondi, inde, koma m'minibasi kapena mu ofesi munthu sangautsegule popanda zomvetsera m'makutu, ndipo Lachiwiri m'mawa akafuna kuona kuti paja achite chiyani sangayambe kufufuza m'kati mwa mphindi zitatu za mawu anga. Nawu:

"Mayi, mwadzuka bwanji? Pepaninso ndi zovuta zija za alamu anu. Ine sindinakhumudwe nanu.

Ndayang'ana m'kaundula wathu. Masabata 6 oyamba munachita maulendo 16 mwa 18. Masabata awiri apitawa mwachita kamodzi mwa 6, ndipo masabata ake ndi a maliro ndi otseka mabuku. Ndondomeko ija ndi ya sabata yabwinobwino, ndipo awa sanali masabata abwinobwino.

Mphamvu imene mwapeza siitha m'masiku 13. Tsiku loyamba mpweya uzikutherani msanga pang'ono, musadabwe, zimabwerera. Za sikelo tizisiye kaye, tidzayeza pa sikelo yathu ija kumapeto kwa Malichi.

Zimene zadutsa sitibweza. Lero mukayezetse kaye kuthamanga kwa magazi mundiuze nambala. Ikakhala bwino, sabata ino tichita kawiri kokha, mphindi 15, popanda chigubu. Sankhani chimodzi. A: Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa musanasambe. B: Lachitatu masana pa nthawi ya nkhomaliro muyende, ndi Loweruka m'mawa.

Mungondiyankha A kapena B, ndiponso kuti mwa 10, mukukhulupirira kangati kuti zitheka."

Chifukwa chake unalembedwa chomwechi

Ntchito ya uthenga wotere ndimaiona kuti ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene aphunzitsi ambiri amaganizira. Sungachotse chisoni cha maliro, sungasinthe bwana wa ku ofesi, ndipo sungapangitse munthu kukonda masewera. Chimene ungathe ndi kuchititsa kuti munthu ayankhe lero, n'kuchita kanthu kakang'ono kamodzi m'masiku awiri akubwerawo. Mzere uliwonse umene suthandiza pa zimenezi ndimauchotsa.

Mawu akuti "sindinakhumudwe nanu" ali koyambirira chifukwa ndi pamene iwo anayambira. Kwathu kuno munthu akaona kuti walakwira wina amene amamulemekeza, manyazi amamuchititsa kumuzemba, ndipo bola funso limenelo lisanayankhidwe, zina zonse zimene ndalemba aziwerenga akusakasaka pamene ndawakalipira. Ndinaliyankha kamodzi, mwachidule, n'kupitirira. Kubwerezabwereza kuti musadandaule kumachititsa munthu kuganiza kuti mwina palidi chodandaulitsa.

Manambala aja ndinawayika m'malo mwa matamando. Ndikanatha kulemba kuti ndinu mayi wamphamvu, mukuchita bwino kwambiri. Koma munthu amene wakhumudwa amakana mawu otere mumtima, amati akungondisangalatsa poti ndimalipira. Nambala ya 16 mwa 18 sangaikane, poti anaitumiza okha Lamulungu ndi Lamulungu, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi ya manambala inalankhula m'chinenero chake. Ndinalembanso nambala yoipayo, kamodzi mwa 6, mosabisa. Ndikanati "palibe vuto, simunajombe kwambiri" ndikananama, ndipo akanasiya kukhulupirira zina zonse. Chimene ndinachita ndi kuyika kujombako pambali pa chifukwa chake, kuti aone okha kuti kunayamba tsiku la maliro, osati tsiku limene khalidwe lawo linasintha.

Zoti mphamvu siitha m'masiku 13 si mawu otonthoza chabe. Thupi limataya zimene lapeza pa liwiro losiyana. Mphamvu ya minofu imakhalabe pafupifupi momwe inalili kwa masabata ngati atatu munthu atasiya. Chimene chimayamba kutsika ndi kupirira kwa mtima ndi mpweya, makamaka chifukwa madzi a m'magazi amachepa msanga munthu akasiya masewera, ndiye mtima umapopa ochepa pa kugunda kulikonse n'kumagunda mofulumira pa ntchito yomwe ija. Kafukufuku wa Edward Coyle ndi anzake wa mu 1984, pa anthu amene anali atazolowera masewera opirira kwa zaka, anapeza kuti mphamvu yogwiritsa ntchito mpweya inatsika ndi 7 peresenti m'masabata atatu oyamba atasiyiratu. Kutsikako kulipo, koma si kubwerera pa ziro. Ndinawachenjeza za kubanika kwa tsiku loyamba pa chifukwa chimodzi: akanapanda kudziwa, akanakutenga ngati umboni woti zonse zapitadi.

Nkhani ya sikelo ndinaidula mwadala mu uthenga, ngakhale kuti ndiyo inawawawa kwambiri. Kuti munthu awonjezere kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika chakudya choposa chimene thupi likufuna ndi makalori pafupifupi 7,700. Pa kilogalamu imodzi ndi theka ndiye kuti oposa 11,000, m'masiku 13, mwa mayi amene masiku anayi anali kutunga madzi ndi kuphikira khamu la pa maliro. Sizikugwirizana. Anayezera pa sikelo ina, masana, atavala nsapato ndi zovala za m'tauni, atadya kale, pamene ife timayeza m'mawa asanadye. Mchere wambiri, kusagona ndi nthawi ya mwezi ya amayi zimasungitsanso madzi m'thupi, ndipo kusintha kwa kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa masiku ochepa n'kwachizolowezi. Zonsezi ndinawafotokozera patapita sabata, mtima utakhala pansi. Ndikanaziyika mu uthenga wa Lolemba, ukanatalika kawiri ndipo funso la A kapena B likanamira.

"Zimene zadutsa sitibweza" ndi mzere umene ndimauyika pafupifupi mu uthenga uliwonse wa mtundu uwu. Munthu akajomba amadziona ngati ali ndi ngongole ya katapila imene ikukula tsiku lililonse, ndiye amaganiza kuti kuyambiranso ndi kuchita maulendo asanu amene anajomba kuphatikiza atatu a sabata ino. Poona kukula kwake amazengereza, kapena amachita zonse pakamodzi n'kudzuka mawa lake miyendo itauma moti sangatsike masitepe. Kupweteka kwa minofu kotere kumafika pachimake pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, nthawi yomwe ulendo wachiwiri umayenera kuchitika, ndipo ndi pamene ambiri amasiyira kachiwiri. N'chifukwa chake ndinachotsa chigubu, n'kudula nthawi kuchoka pa mphindi 35 kufika pa 15. Msana wowawa uja nawo unkafuna kuyamba mopepuka.

Kusankha pakati pa A ndi B kuli ndi ntchito ziwiri. Funso loti "ndiye mukuona kuti tipange bwanji?" limafuna kuti munthu wotopa aganize ndi kulemba ndime yonse, ndipo zotere amaziyika kuti ayankha madzulo, madzulo ake osafika. Chilembo chimodzi angathe kuchilemba ndi chala chimodzi, dzanja lina litagwira chikwama. Komanso wasankha ndi iye, osati ine. Onani kuti njira zonse ziwiri zilibe madzulo. Kumapeto kwa Febuluwale dzuwa ku Lilongwe limalowa itangopitirira 6 koloko, mvula imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo mayi amene wafika pakhomo mochedwa amapeza ana akudikira chakudya ndi homuweki. Nditabwerera m'kaundula ndinaona kuti maulendo awiri amene anajomba m'masabata abwino aja onse anali a Lachitatu madzulo. Nthawi imeneyo inali yofooka kale maliro asanachitike.

Pali zinthu zina zimene ndinazisiya. Sindinafunse kuti "chinachitika n'chiyani?" chifukwa ndinkadziwa kale, ndipo funsolo likachokera kwa mphunzitsi limamveka ngati la ahedi. Sindinawakumbutse kuti achipatala anati azichita masewera. Mantha amenewo anali nawo kale ndipo sanawadzutse pabedi. Sindinatchule za munthu wina aliyense amene ndimamuphunzitsa. Za ndalama sindinazikhudze konse pa tsikulo, poti kuziyankha kukanakhala kuvomereza kuti tayamba kukambirana zotsanzikana.

Yankho lawo ndi zimene zinatsatira

Anayankha 7 koloko isanakwane: "A. Mwina 6." Masana anatumiza chithunzi cha kapepala ka ku famase, 146/92. Ndi yokwera kuposa mmene achipatala amafunira, koma si yoletsa masewera opepuka. Ndinawauza kuti akaonetse kapepalako ku chipatala pa tsiku lawo lotenga mankhwala ndipo akanene za masiku atatu aja, komanso ndinawakumbutsa kuti pochita masewera asamagwire mpweya, azipuma potulutsa pamene akudzuka kapena kukankha, chifukwa kugwira mpweya kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi.

Nambala 6 ija sindinaisiye. Munthu akapereka nambala yosafika 7, ine ndimaona kuti ndondomekoyo ikadali yaikulu, ndipo chofunika kusintha ndi ndondomeko, osati kumukakamiza kuti anene 8. Ndinafunsa kuti, "Chingachititse kuti 6 akhale 8 n'chiyani, Mayi?" Anati m'mawa mphindi 15 n'zambiri chifukwa ndi nthawi yokonzekeretsa mwana, ndipo madzi akasiya kutuluka zonse zimasokonekera. Tinadula kufika pa mphindi 10, n'kumangirira masewerawo ku chinthu chimene amachita kale: akangoyika madzi osamba pamoto, achite masewera pamene akudikira kuti atenthe. Njira yotchula nthawi, malo ndi chochita momveka chonchi inafufuzidwa kwambiri ndi Peter Gollwitzer m'zaka za m'ma 1990, ndipo ubwino wake ndi woti nthawi ikafika munthu safunikanso kuganiza ngati achite kapena ayi. Mphindi 10 zake zinali izi: kukhala ndi kudzuka pa mpando ka 10, mapushapu a pakhoma ka 10, kukweza chiuno ka 10, kupuma pang'ono, n'kubwerezanso kamodzi. Anati tsopano ndi 8.

Lachiwiri nthawi ya 5:50 anatumiza mawu amodzi, "Ndapanga." Ndinayankha kuti "Ndaona, Mayi. Msana unali bwanji?" basi. Kuchemerera kwambiri pa mphindi 10 kumaoneka ngati ukuseka munthu wamkulu. Lachisanu anajomba; magetsi anazima usiku, yunifolomu ya mwana inali yosasita, m'mawa wonse unathera pa nsimbi ya makala. Chimene chinasintha ndi choti anandiuza tsiku lomwelo, ndipo Loweruka anachita okha popanda ine kuwapempha. Kwa ine chizindikiro choti uthenga wagwira ntchito ndi chimenechi. Kujomba kumachitikabe, koma munthu sabisalanso, ndipo mpata wa pakati pa kujomba ndi kuyambiranso wafupika kuchoka pa masiku 13 kufika pa tsiku limodzi.

Lamulungu lotsatira ndi pamene ndinawauza za kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, wofalitsidwa mu 2010. Anatsatira anthu amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano cha tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti kuti chinthu chizolowereke mpaka kumachitika popanda kuganizira, ena zinawatengera masiku 18, ena mpaka 254, ndipo wa pakati anali pa masiku 66. Anapezanso kuti kujomba tsiku limodzi sikunawononge kwenikweni kakulidwe ka chizolowezicho. Ndinawauza mosamala, chifukwa kafukufukuyu amanena za tsiku limodzi, osati masabata awiri, ndipo sindifuna kumukokera kumene safika. Mfundo imene ndinkafuna ndi yoti pa masabata 6, pochita katatu kokha pa sabata, chizolowezi chawo chinali chisanakhwime, ndiye kugwedezeka kwake pa chovuta choyamba si chinthu chodabwitsa.

Sabata ya 10 tinabwerera pa katatu, chigubu chitadzaza theka, maseti awiri. Sabata ya 11 anabwerera pa zonse. Kumapeto kwa Malichi, pa sikelo yathu, m'mawa asanadye, analemera 81.6.

Pamene njirayi imalekezera

Iyi ndi nkhani ya munthu mmodzi, ndipo sindinganene kuti uthenga ndi umene unachita zonse. Maliro anali atatha, mabuku anali atatsekedwa, mwina akanayambiranso okha. Ndalemberapo ena uthenga wa mtundu womwewu koma osayankha. Zikatero ndimadikira masiku atatu kapena anayi n'kulemba mzere umodzi wosakhudza masewera, wongofunsa moyo. Kukakhalabe zii ndimaimba foni kamodzi, ndipo ikapanda kuyankhidwa ndimalemba kuti ndaimitsa kaye malipiro ndipo adzandipeza akadzafuna. Kutumiza mauthenga tsiku lililonse kumasandutsa mphunzitsi kukhala wolonjerera ngongole, ndipo munthu amayamba kuopa kutsegula foni.

Palinso kukhumudwa kumene si kwa masewera. Mayiwa anali pa chisoni cha maliro, koma ankadya, ankapita ku ntchito, ndipo ankaseka tikamalankhula. Akanandiuza kuti kwa masabata awiri kapena kuposa mtima uli wolemera pafupifupi tsiku lililonse, sakusangalalanso ndi zinthu zimene ankazikonda, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena akuona kuti moyo ulibe phindu, nkhani ya A ndi B ikanaima. Pamenepo ntchito yanga ikanakhala kuwaimbira foni, kuwamvetsera, ndi kuwathandiza kuti akaonane ndi achipatala kapena mlangizi wa za maganizo, ndipo pakakhala mawu ofuna kudzivulaza, tsiku lomwelo. Masewera amathandiza maganizo, koma mphunzitsi wa masewera si dokotala wa matendawa.

Mu ndondomeko ya mayiwa tinasintha zinthu zitatu mokhazikika. Masewera a Lachitatu madzulo tinawasamutsira Lachinayi m'mawa. Sabata yomaliza ya mwezi uliwonse tsopano imalembedwa kale ngati sabata yaifupi, kawiri mphindi 10, kuti akachita zimenezo awerenge kuti akwaniritsa, osati kuti alephera. Ndipo pa mafunso a Lamulungu ndinawonjezerapo limodzi lofunsa ngati sabata ikubwerayo kuli ulendo, ukwati, chinkhoswe kapena ntchito yochedwa, kuti tichepetse zinthu zisanavute. Maliro sanena kuti akubwera, ndiye pa zimenezo tinangogwirizana kuti mankhwala a masiku angapo azikhala m'chikwama chimene amayenda nacho.

Chimene sichinatheke mpaka pano ndi mphindi zoyenda. Akadali pa 40 za Loweruka ndi zina zochepa za masana, osafika pa 150. Tayesa zotsika minibasi siteji imodzi asanafike ku ofesi, koma m'nyengo ya mvula matope ndi nsapato za ku ntchito sizigwirizana, ndipo tagwirizana kuti tidzayesenso mu Meyi, nsapato zoyendera zitasungidwa pansi pa desiki.